Mmene mungawerengere dzina lopanda atikolo m'ziganizo za Chigiriki zonena kuti "uyu ndi uyu"

Chigiriki chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo chili ndi kaliwu kamene Chichewa chilibe, kotchedwa atikolo. Kamaima patsogolo pa dzina, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusonyeza kuti chinthu chimene chikunenedwacho ndi chodziwika kale kwa wolankhula ndi womvera, monga mmene ife timachitira tikanena kuti "munthu uja" kapena "munthuyo". Kalipo mu maonekedwe ambiri, koma atatu oyambirira amene wophunzira aliyense amaloweza ndi ὁ, ἡ ndi τό, amene amawerengedwa kuti ho, he ndi to. Chigiriki chilibe kaliwu kena kosonyeza chinthu chosadziwika, kotero dzina limangokhala ndi atikolo kapena kukhala lopanda atikolo basi. Vuto limabwera pamene mayina awiri alumikizidwa ndi mneni wotanthauza "kukhala", limodzi lili ndi atikolo ndipo linalo lilibe. Ambiri amathamangira kunena kuti lopanda atikololo likunena za chinthu chosadziwika, ena amathamangira mbali inayo, ndipo onsewo amalakwitsa chifukwa chodumpha masitepe amene ndafotokoza m'munsimu.

Sitepe yoyamba: tsimikizani kuti chiganizocho ndi cha mtundu umenewu

Yang'anani mneni. Malangizo ano akugwira ntchito pamene mneniyo ndi εἰμί, kutanthauza "ndili" kapena "ndine", kapena γίνομαι, kutanthauza "kukhala" kapena "kusanduka". Mneni wotere sapititsa ntchito kwa pamtherankhani, koma amangolumikiza mayina awiri, ndiye chifukwa chake mayina onse awiriwo amakhala ndi mathero a nominetivi, amene ndi mathero a mwininkhani. Nthawi zina mneniyo salembedwa n'komwe, monga pa Yohane 4:24 pamene pangolembedwa kuti πνεῦμα ὁ θεός, mawu akuti "mzimu" ndi akuti "Mulungu" atangogundana popanda china pakati. Zikatero mumadziwa kuti mneni "ndi" akumveka ngakhale sanalembedwe.

Chenjerani pano ndi cholakwa chimodzi chofala. Wina akaona θεός ndi θεόν mu vesi imodzi amaganiza kuti ndi mawu awiri a matanthauzo osiyana, pamene ndi liwu limodzi lomwelo. Mathero asintha chifukwa cha ntchito imene dzinalo likugwira m'chiganizo: loyambalo ndi nominetivi, lachiwirilo ndi akyuzetivi, mathero amene dzina limatenga likakhala pamtherankhani kapena likatsatira aperekezi ena. Kusintha kumeneku sikunena kanthu pa ukulu kapena kuchepa kwa amene akutchulidwayo.

Sitepe yachiwiri: pezani mwininkhani musanafunse za tanthauzo

M'Chichewa timadziwa mwininkhani chifukwa amayamba ndiye, monga mu chiganizo chakuti "Mphunzitsi ndi mlimi". M'Chigiriki mawu amayenda momasuka, ndipo liwu loyamba silikhala mwininkhani nthawi zonse. Popeza mayina onse awiri ali ndi mathero ofanana, payenera kukhala chizindikiro china, ndipo zizindikiro zake ndi zitatu. Ngati limodzi mwa mawu awiriwo ndi mlowam'malo, monga ἐγώ, σύ kapena οὗτος, amene ndi "ine", "iwe" ndi "uyu", ameneyo ndiye mwininkhani. Ngati palibe mlowam'malo, dzina limene lili ndi atikolo ndilo mwininkhani. Dzina lamwinimwini la munthu kapena malo nalonso kawirikawiri limakhala mwininkhani likakumana ndi dzina wamba lopanda atikolo. Dzina limene latsala ndi limene likunena kanthu za mwininkhaniyo, ndipo m'malangizo ano ndilitchula kuti dzina lonenera.

Tengani Yohane 4:24 uja. Liwu loyamba ndi πνεῦμα, koma atikolo ili pa θεός, kotero chiganizocho chimawerengedwa kuti "Mulungu ndi mzimu", osati "Mzimu ndi Mulungu". Apa tikuona kale mfundo imene malangizo onsewa atsamirapo, yakuti ntchito yoyamba ya kusowa kwa atikolo pa dzina lonenera ndi kulisiyanitsa ndi mwininkhani. Mlembi akalisiya lopanda atikolo, chinthu chokha chimene mungatsimikize nthawi yomweyo n'chakuti ilo si mwininkhani. Zina zonse muyenera kuzifufuza.

Sitepe yachitatu: yesani kutembenuza chiganizocho

Sinthanitsani mayina awiriwo, ndipo muone ngati chiganizocho chikadali choona. Mayina onse awiri akakhala ndi atikolo, mlembi amakhala akunena kuti zinthu ziwirizo ndi chimodzi kotheratu, moti mukhoza kuyambira mbali iliyonse. Pa 1 Yohane 3:4 palembedwa kuti ἡ ἁμαρτία ἐστὶν ἡ ἀνομία, ndipo atikolo ili uku ndi uku: tchimo ndilo kusamvera lamulo, kusamvera lamulo ndilo tchimo. Koma m'kalata yomweyo, pa 1 Yohane 4:8, palembedwa kuti ὁ θεὸς ἀγάπη ἐστίν. Liwu lakuti ἀγάπη, chikondi, lilibe atikolo, ndipo chiganizocho sichitembenuzika. "Mulungu ndi chikondi" si chimodzimodzi ndi "Chikondi ndiye Mulungu", chifukwa mlembi akufotokoza mmene Mulungu alili, sakunena kuti kulikonse kumene mwapeza chikondi mwapeza Mulungu yense.

Wolankhula Chichewa ali ndi mwayi pa sitepe imeneyi, chifukwa khutu lake limamva kale kusiyana kwa "ndi" ndi "ndiye". Tikanena kuti "Bambo aja ndi mfumu", tikunena za udindo wawo, ndipo mafumu ena alipo. Tikanena kuti "Bambo aja ndiwo mfumu ya mudzi uno", tatseka khomo, palibenso wina, ndipo tingathe kutembenuza n'kunena kuti "Mfumu ya mudzi uno ndi bambo aja". Kusiyana kumeneku sikugwera ndendende pamene atikolo ya Chigiriki imagwera, komabe ndi muyeso wothandiza kwambiri poyesa mmene vesi ikumvekera musanailembe m'Chichewa.

Sitepe yachinayi: onani ngati dzina lonenera lili patsogolo kapena pambuyo pa mneni

Pano m'pamene pafunika kudekha kwambiri, chifukwa malo a dzina amatha kuchotsa atikolo ngakhale pa chinthu chodziwika bwino. Werengani mawu a Natanayeli pa Yohane 1:49: σὺ εἶ ὁ υἱὸς τοῦ θεοῦ, σὺ βασιλεὺς εἶ τοῦ Ἰσραήλ. M'mbali yoyamba dzina lonenera, υἱός, mwana, labwera pambuyo pa mneni εἶ ndipo lili ndi atikolo. M'mbali yachiwiri dzina lonenera, βασιλεύς, mfumu, ladumphira patsogolo pa mneni ndipo atikolo yasowa. Palibe amene angakhulupirire kuti Natanayeli, pa mpweya umodzi womwewo, akutcha Yesu Mwana wa Mulungu wodziwikayo kenako n'kumutcha mfumu ina chabe mwa mafumu a Israeli. Mayina onse awiriwo ndi odziwika mofanana, chimene chasintha ndi malo okha. Chochititsa chidwi n'chakuti zolemba pamanja zina zakale zili ndi σὺ εἶ ὁ βασιλεύς pa vesi imeneyi, ndiko kuti pamene dzinalo labwerera pambuyo pa mneni, atikolo nayo yabwerera.

Chitsanzo china chooneka bwino chili pa Yohane 8:12 ndi Yohane 9:5. Poyamba Yesu akuti ἐγώ εἰμι τὸ φῶς τοῦ κόσμου, ndipo φῶς, kuunika, lili pambuyo pa mneni pamodzi ndi atikolo yake. Pachiwiri akuti φῶς εἰμι τοῦ κόσμου, dzina lili patsogolo, atikolo palibe.

Katswiri wina wa ku America, Ernest Cadman Colwell, anasonkhanitsa zitsanzo zotere n'kufalitsa zimene anapeza mu 1933, ndipo kuyambira pamenepo mfundoyi imatchedwa lamulo la Colwell. Mwachidule limati dzina lonenera limene ndi lodziwika, likakhala patsogolo pa mneni, kawirikawiri silikhala ndi atikolo. Muliwerenge kawiri lamuloli, chifukwa anthu ambiri amaligwira kumchira. Ilo likuyambira pa mayina amene tadziwa kale, kuchokera m'nkhani, kuti ndi odziwika, kenako likutiuza ngati adzakhala ndi atikolo kapena ayi. Silikunena kuti dzina lililonse lopanda atikolo limene lili patsogolo pa mneni ndi lodziwika. Kunena kuti mbuzi zili ndi miyendo inayi sikutanthauza kuti chilichonse cha miyendo inayi ndi mbuzi. Phindu lenileni la lamuloli n'lochepa koma lodalirika: limakuletsani kunena kuti "popeza palibe atikolo, ndiye kuti dzinali n'losadziwika". Kupitirira pamenepo silingakuperekezeni.

Mwa apo ndi apo atikolo imakhalapobe ngakhale dzina lili patsogolo pa mneni, pamene mlembi akufuna kuti pasakhale kukayika. Anthu otumidwa kuchokera ku Yerusalemu atafika kwa Yohane Mbatizi anamufunsa kuti ὁ προφήτης εἶ σύ, monga zalembedwera pa Yohane 1:21. Sankafunsa ngati iye anali mneneri wina aliyense, koma ngati anali mneneri uja amene ankamuyembekezera kuchokera pa lonjezo la pa Deuteronomo 18:15. Sungani vesi imeneyi m'mutu, chifukwa tiifananiza ndi ina posachedwa.

Sitepe yachisanu: sankhani limodzi mwa matanthauzo atatu poyang'ana nkhani yonse

Dzina lonenera lopanda atikolo lingathe kukhala ndi limodzi mwa matanthauzo atatu. Lingakhale lodziwika, monga mfumu ya Israeli ija. Lingakhale losadziwika, kutanthauza mmodzi mwa ambiri a gulu lina. Lingakhalenso lonena za chikhalidwe kapena mtundu wa mwininkhani, popanda kuwerenga ngati alipo mmodzi kapena ambiri. Njira yabwino ndi kulemba chiganizocho katatu m'Chichewa, koyamba ndi "uja" kapena "ndiye", kachiwiri ndi "wina", kachitatu ndi mawu onena za chikhalidwe, kenako n'kuona chimene chikulowa m'nkhaniyo popanda kukakamiza.

Yambani ndi mayi wa ku Samariya pachitsime, pa Yohane 4:19. Yesu atamuuza za amuna asanu amene anakhala nawo, iye anayankha kuti θεωρῶ ὅτι προφήτης εἶ σύ. Mawu atatu omalizawo ndi omwe aja a pa Yohane 1:21, mu dongosolo lomwelo, kupatula kuti atikolo palibe. Kodi akunena za mneneri wolonjezedwa uja? Nkhani ikukana, chifukwa patsogolo pang'ono, pa vesi 25, mayiyo akulankhulabe za Mesiya monga munthu amene adzabwera. Chimene waona n'chakuti mlendoyu akudziwa zobisika, monga aneneri amachitira, choncho "Ndikuona kuti ndinu mneneri" ndi kumasulira koyenera. Apa dzina lili patsogolo pa mneni, lilibe atikolo, ndipo si lodziwika, zimene zikukwanira kugwetsa lamulo la Colwell logwiridwa kumchira lija.

Chimodzimodzi pa Machitidwe 28:4, pachilumba cha Melita. Paulo atatola nkhuni n'kuziika pamoto, njoka inatuluka chifukwa cha kutentha n'kumuluma dzanja, ndipo eni chilumbacho poiona ikulendewera anauzana kuti φονεύς ἐστιν ὁ ἄνθρωπος οὗτος. Mwininkhani ndi "munthu uyu", dzina lonenera ndi φονεύς, wakupha anthu. Iwo sankadziwa za mlandu uliwonse wa kupha umene wopalamula wake ankasakidwa, anangomuika m'gulu la anthu akupha anzawo.

Tanthauzo lachitatu ndi limene ophunzira amaliiwala, ngakhale kuti limapezeka kwambiri mu Uthenga wa Yohane. Pa Yohane 1:14 palembedwa kuti ὁ λόγος σὰρξ ἐγένετο. Yesani katatu kuja. "Mawu anasanduka thupi lija" sizikumveka, chifukwa palibe thupi limene latchulidwa kale. "Mawu anasanduka thupi lina" nazonso zikuphonya, chifukwa mlembi sakuwerenga matupi. Chimene akunena n'chakuti Mawu anatenga umunthu, anakhala chimene anthu ali. Philip Harner anafufuza mayina a mtundu umenewu mu Marko ndi Yohane, ndipo mu 1973 anasonyeza kuti dzina lonenera lopanda atikolo likatsogolera mneni, kawirikawiri mphamvu yake imagona pa chikhalidwe cha mwininkhani. Dziwani kuti malire a matanthauzo atatuwa si mpanda wa njerwa. Wakupha anthu wa ku Melita uja ndi mmodzi wa gulu, komabe mawuwo akunenanso za mtundu wa munthu amene iwo ankamuganizira kuti ali.

Pali mafunso awiri othandiza posankha. Loyamba n'lakuti, kodi dzinalo likunena za chinthu chimene chilipo chimodzi chokha m'maganizo a mlembi ndi owerenga ake? Ngati ndi choncho, lingakhale lodziwika ngakhale lilibe atikolo, ndipo mayina monga Mulungu ndi Ambuye, ndiko kuti θεός ndi κύριος amachita zimenezi kawirikawiri. Pa Yohane 1:6 Yohane Mbatizi akunenedwa kuti anatumidwa παρὰ θεοῦ, popanda atikolo, ndipo palibe womasulira amene amalemba kuti anatumidwa ndi mulungu wina. Lachiwiri n'lakuti, kodi akulankhula ndani? Pa Marko 15:39 kenturiyo wa Chiroma akunena kuti Yesu anali υἱὸς θεοῦ, mayina onse awiri opanda atikolo ndipo ali patsogolo pa mneni. Msilikali woleredwa pakati pa milungu yambiri akanatha kutanthauza mwana wa mulungu wina, pamene Marko ndi owerenga ake ankamva Mwana wa Mulungu. Galamala yokha ikulola zonse ziwiri, ndipo amene akuti yatsekera mbali imodzi akuipatsa katundu amene singathe kunyamula.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: gwiritsani ntchito masitepe onse pa Yohane 1:1

Vesi imene imakokera anthu ambiri ku nkhani imeneyi ili ndi mbali zitatu: ἐν ἀρχῇ ἦν ὁ λόγος, καὶ ὁ λόγος ἦν πρὸς τὸν θεόν, καὶ θεὸς ἦν ὁ λόγος. Mbali yachitatu ndiyo yathu. Mneni ndi ἦν, nthawi yakale ya εἰμί, ndipo mayina awiri a nominetivi ndi θεός ndi λόγος, kotero sitepe yoyamba yakwanira. Atikolo ili pa λόγος, choncho mwininkhani ndi Mawu ngakhale kuti θεός ndiye wayamba, ndipo kuwerenga kuti "Mulungu anali Mawu" n'kulakwitsa sitepe yachiwiri.

Pa kuyesa kutembenuza, chiganizocho sichitembenuzika, ndipo mbali yachiwiri ya vesiyo ikusonyeza chifukwa chake. Kumeneko Mawu ali πρὸς τὸν θεόν, ali pamodzi ndi Mulungu, ndipo munthu sakhala pamodzi ndi iye mwini. Yohane akanalemba ὁ θεὸς ἦν ὁ λόγος, ndi atikolo mbali zonse ziwiri, akanakhala akunena kuti Mawu ndi Uja amene ali naye pamodzi ndi mmodzi yemweyo, ndipo akanafafaniza zimene wangolemba kumene. Chiphunzitso chakuti Atate ndi Mwana ndi mmodzi yemweyo wongosintha maonekedwe chimadziwika ndi dzina la Sabeliyo, amene anachiphunzitsa m'zaka za m'ma 200, ndipo n'zoseketsa pang'ono kuti anthu amene amakakamira lamulo la Colwell kuti θεός pano ndi wodziwika kotheratu amatsetserekera kumeneko osadziwa.

Dzinalo lili patsogolo pa mneni, choncho sitepe yachinayi ikutiuza kuti kusowa kwa atikolo sikukutsimikiza kuti ndi losadziwika. Tatsala ndi kusankha. Kumasulira kwakuti "Mawu anali mulungu wina" sikuphwanya lamulo la galamala, pakuti mneneri wa pachitsime ndi wakupha anthu wa ku Melita ali mu kamangidwe komweko, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezi poyera m'malo mozibisa. Chimene chimakutsutsa ndi nkhani. Mlembi ndi Myuda wokhulupirira Mulungu mmodzi, pa vesi 3 akunena kuti zinthu zonse zinakhalapo kudzera mwa Mawuwo ndipo palibe cholengedwa chimene chinakhalapo popanda iye, ndiponso cha kumapeto kwa bukulo, pa Yohane 20:28, Tomasi akutcha Yesu kuti "Mulungu wanga", ὁ θεός μου. Kwa ine tanthauzo la chikhalidwe ndilo likulowa bwino koposa, ndipo umboni wake wapafupi ndi vesi 14, imene ili ndi mwininkhani yemweyo ndi dzina lonenera lopanda atikolo patsogolo pa mneni. Monga σάρξ ikunena kuti Mawu anakhala chimene munthu ali, θεός ikunena kuti Mawu anali chimene Mulungu ali. Komanso Yohane sanagwiritse ntchito mfotokozi θεῖος, wotanthauza "waumulungu", ngakhale kuti liwulo linalipo ndipo likupezeka pa Machitidwe 17:29. Anasankha dzina lenilenilo n'kuliika patsogolo kuti limveke mwamphamvu.

Poika zimenezi m'Chichewa, bwererani ku muyeso wa "ndi" ndi "ndiye". Mawu akuti "Mawu ndiye Mulungu" ali ndi mphamvu yotseka khomo ija, ndipo womva angathe kuwatembenuza n'kuganiza kuti Mulungu yense ndi Mawu basi. Mawu akuti "Mawuwo anali Mulungu" akusunga nthawi yakale ya ἦν ndipo sakukakamiza kutembenuza, ngakhale kuti akufunabe kufotokozera pophunzitsa. Kulemba "mulungu" ndi chilembo chaching'ono ndi chigamulo cha womasulira, chifukwa zolemba pamanja zakale kwambiri za Chigiriki zinkalembedwa ndi zilembo za mtundu umodzi popanda kusiyanitsa zazikulu ndi zazing'ono, ndipo powerenga mokweza m'Chichewa kusiyana kwa chilemboko sikumveka n'komwe. Ngati mukufotokozera kalasi kapena kulemba mawu a m'munsi, chiganizo chakuti "chimene Mulungu anali, Mawunso anali chomwecho" chikupereka tanthauzo la chikhalidwe popanda kusokoneza Mawu ndi Uja amene anali naye pachiyambi.